Dzina pa taitolo ndi la bambo, nanga nyumba ndi ya yani?

Mtima wanga wakhala m'malo tsopano. Nkhani ya kagawidwe ka nyumba banja likatha yakhala ikundizunguza mutu kuyambira temu yatha, makamaka ikakhala kuti pa taitolo pali dzina la munthu mmodzi. Milandu ndinkaidziwa ndi mayina omwe, koma inkaoneka ngati ikukangana yokhayokha. Chimene chamasula zonse n'chakuti khothi limafunsa mafunso awiri motsatizana. Loyamba: kodi nyumbayi ndi ya onse awiri? Lachiwiri limabwera pokhapokha loyamba litayankhidwa kuti inde: nanga aliyense atengepo zochuluka bwanji? Ukawaphatikiza umasokera.

Anzanga a m'kalasi ya zamalamulo, gawo 24 la malamulo oyendetsera dziko mukulidziwa kale. Onani chabe mawu ake: mayi ali ndi ufulu woti katundu amene anali naye limodzi ndi mwamuna wake agawidwe mwachilungamo. Silinena katundu yense, silinenanso kuti pakati n'pakati. Ndiye pali gawo 28, lopatsa munthu aliyense, wapabanja ndi wosakwatira yemwe, ufulu wokhala ndi katundu wake payekha. Mu 2017, pa mlandu wa Sikwese ndi Banda, Khothi la Suprimu linaika magawo awiriwa pamodzi n'kunena kuti kungoti chinthu chinagulidwa anthu ali m'banja sikokwanira. Pamafunika umboni woti awiriwo ankafuna kuti chikhale cha onse, kapena woti winayo anaikapo kanthu. Ndi njira yomwe ija ya mlandu wakale wa Kayambo. Kale ndikawerenga chigamulo cha woweruza milandu a Mwaungulu pa mlandu wa Kamphoni, chimene chimatsindika kwambiri za chilungamo, kenako n'kutsegula cha Sikwese, ndinkangoona mkangano. Panopa ndikuona kuti wa Sikwese waima pa chipata, pa funso loyamba lija, ndipo zambiri za chilungamo zimagwira ntchito ukalowa mkati.

Ndiye dzina la pa taitolo lili pati? Limauza ofesi ya zamalo, banki ndi wogula kuti mwini wake wolembetsedwa ndani. Pakati pa mwamuna ndi mkazi wake, dzinalo ndi poyambira chabe, ndipo amene dzina lake palibe ndiye ali ndi ntchito yoonetsa gawo lake.

Njira imene yandithandiza, ndipo ndikukhulupirira kuti ingathandize pa mafunso ambiri a mayeso pa mutuwu, ndi kujambula mzere wa zaka. Ndimatembenuza pepala cham'mbali, ndilemba chaka cha ukwati, chaka chogula puloti, chaka chothira maziko, chofolera, cholowa m'nyumba. Pansi pa chaka chilichonse ndimalemba amene analipira ndi umboni wake. Basi.

Tiyese ndi banja lopeka. Anakwatirana mu 2016. Mu 2017 bambo anatenga ngongole kuntchito n'kugula puloti ku Area 49, ndipo chifukwa ngongole inali ya iwo, dzina linalembedwa lawo. Mayi amagulitsa kaunjika kumsika wa Tsoka. Kuyambira 2018 mpaka 2020 iwo ndi amene ankagula simenti pang'onopang'ono, matumba asanu lero, khumi mwezi wamawa, ndipo malata anagula ndi ndalama za kubanki mkhonde. Pamene malipiro a bambo ankadulidwa ngongole, ndiwo, makala ndi fizi ya ana zinkachokera pa benchi ya kaunjika. Analowa m'nyumba mu 2021.

Ukayang'ana mzerewo, funso loyamba limayankhika lokha. Simenti ndi malata ndi ndalama zolowa m'nyumba mwachindunji. Koma umboni wake ndi wotani? Malisiti a kuhadiweya, amene ambiri amafufutika inki akakhalitsa m'chikwama. Mauthenga a Mpamba kapena Airtel Money opita kwa mmisiri. Buku la banki mkhonde losonyeza tsiku limene mayi anatenga ngongole, lomwe likugwirizana ndi sabata imene malata anafika. Mmisiri weniweniyo atha kuima m'khothi n'kunena amene ankamulipira Loweruka lililonse. Ankhoswe nawo amathandiza pa nkhani ya cholinga, ngati anamvapo bambo akunena pagulu kuti tikumanga nyumba yathu. Nkhani zambiri zimagwa pamenepa, chifukwa palibe amene amasunga malisiti poganiza kuti tsiku lina adzasudzulana.

Ndalama za ndiwo ndi fizi zija ndi zimene zinandigwira mtima. Sizinagule njerwa ngakhale imodzi, komatu popanda izo bambo sakanatha kubweza ngongole. Gawo 74 la lamulo la ukwati, kusudzulana ndi ubale wa pabanja la 2015 limauza khothi kuti pogawa liganizire zimene aliyense anaikapo mwachindunji ndi mwa njira zina, kuphatikizapo ntchito za pakhomo. Limatchulanso zimene aliyense amapeza, zosowa zake, udindo umene wasenza, msinkhu ndi thanzi lake, komanso moyo umene banjalo linkakhala.

Tsopano masamu. Tinene kuti katswiri woona mitengo ya nyumba wapeza kuti ndi ya K60 miliyoni, koma pali ngongole ya K10 miliyoni imene anaikira nyumbayo chikole. Chogawidwa ndi K50 miliyoni, osati K60 miliyoni. Khothi likati mayi atenge magawo 40 pa 100, ndiye K20 miliyoni. Bambo apeze ndalamazo nyumba ikhale yawo, apo ayi igulitsidwe, banki itenge zake, zotsala agawane. Pamene zaonekeratu kuti onse anaikapo zambiri koma n'kosatheka kuwerengera kuti ndani anaposa, makhothi amatsamira ku theka ndi theka.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mutu wonsewu tinauphunzira madzulo amodzi okha. Aphunzitsi anabwera mochedwa, anatiwerengera mayina a milandu, n'kuti zotsalazo mukawerenge nokha. Tikawerenge nthawi yanji? Ambirife timaweruka kuntchito, n'kulimbana ndi minibasi pa depoti, kufika m'kalasi thukuta lili kamukamu, kunyumba n'kukapeza magetsi azima. Akanangojambula mafunso awiriwa pa bolodi, bwenzi tonse titamva tsiku lomwelo. Sanatchule n'komwe chinthu chimene mayi wa m'chitsanzochi akufunika kuchita msanga: popeza dzina ndi la bambo, iwo atha kugulitsa nyumba mlandu usanathe. Pa malo olembetsedwa, mayi angathe kukaika chiletso m'kaundula ku ofesi ya zamalo, kapena kupempha khothi kuti liletse kugulitsa. Ndipo muno mu Lilongwe mapuloti ambiri alibe n'komwe taitolo, pali kapepala chabe kogulitsirana kosainidwa pamaso pa amfumu, kumene kulibe kaundula woikamo chiletso, ndiye khothi lokha ndi limene lingathandize.

Pali malo amodzi amene mzere wanga ukundisiyabe m'malere. Lamulo la 2015, kupatula mbali yake imodzi, limakhudza maukwati omangidwa lamulolo litayamba kugwira ntchito. Nanga mayi amene anakwatiwa mu 2005, sanagulepo thumba la simenti, koma analera ana ndi kuphikira amisiri nsima zaka zonse zomanga? Kodi ntchito yakeyo imamulowetsa pa chipata cha funso loyamba, kapena imangowerengedwa akalowa kale? Mtima wanga ukuti imamulowetsa, chifukwa apo ayi gawo 24 silingamuthandize mayi wosalembedwa ntchito. Koma ndikawerenganso mawu a mlandu wa Sikwese ndimakayika, ndipo pa pepala langa, pansi pa dzina la mayiyu, sindinapezebe choti ndilembe.