Ndinasamutsa nyimbo zanga kuchoka ku Spotify kupita ku Apple Music

M'bale wanga atandiika pa akaunti ya banja ya Apple Music, ndinaona kuti kulipira kuwiri n'kuwononga ndalama. Chinkandigwira mwendo ndi nyimbo zimene ndinasonkhanitsa pa Spotify kwa zaka zitatu: mapuleyilisiti 6, nyimbo zoposa 900 mu Liked Songs, ndi ma alubamu 41.

Chinthu choyamba kuchimvetsa n'chakuti nyimbo zenizenizo sizisamuka. Zimene munatsitsa mu foni kuti muzimvera popanda bandulo ndi zokhomedwa, zimangoimba mu pulogalamu imene munatsitsira. Chimene chimasamuka ndi mndandanda wa mayina basi, ndipo mbali inayo nyimbo iliyonse imakafufuzidwa mwatsopano. N'chifukwa chake ndisanakhudze kalikonse ndinayamba ndasunga mndandandawo pakompyuta.

Ndinachita zimenezi m'njira ziwiri. Pa tsamba la akaunti ya Spotify, pa gawo la zachinsinsi, pali Download your data. Ukapempha amakutumizira imelo yoti utsimikize, kenako pakapita masiku angapo pamabwera fayilo ya zipi. M'katimo muli Playlist1.json ya mapuleyilisiti ndi YourLibrary.json, momwe muli nyimbo zokondedwa ndi ma alubamu. Podikira, ndinatsegula Exportify, imene imatulutsa puleyilisiti iliyonse ngati fayilo ya CSV yotsegukira mu Excel. Ubwino wake imaonetsa kutalika kwa nyimbo ndi ISRC, nambala ya zilembo 12 imene nyimbo yojambulidwa imapatsidwa ikamatulutsidwa. Nyimbo imodzi ikaimbidwa mu situdiyo komanso pamaso pa anthu, manambala amakhala awiri osiyana.

Kusamutsa kwenikweniko ndinachitira pa TuneMyMusic. Umasankha kochokera, n'kuloleza kuti ione akaunti yako, kuchonga zoti zipite, kenako kusankha kopita. Panthawiyo yaulere inkalekeza pa nyimbo 500, choncho ndinalipira mwezi umodzi n'kuletsa nditamaliza. Soundiiz nayo imagwira ntchito yomweyi.

Sindinatumize zonse kamodzi. Ndinayesa kaye ndi puleyilisiti ya nyimbo za makwaya ndi zauzimu, ya nyimbo 214, podziwa kuti ndi imene ingavute. Zinadutsa 197, ndipo 17 zinalembedwa kuti sizinapezeke. Ndinasunga mndandanda wa zosowazo n'kuyamba kuzisaka pamanja. Zisanu ndi zinayi zinalipo ndithu, kungoti dzina la kwaya linalembedwa mosiyana, kwina mwachidule kwina lonse. Zitatu zinali mafayilo anga a MP3 amene ndinalowetsa ndekha kuchokera pa fulashi, ndiye panalibe koti zikapezeke. Zisanu zotsalazo kunalibeko.

Koma zosowa sizinandidetse nkhawa ngati zimene zinadutsa. Lamlungu m'mawa ndikusita malaya, nyimbo imene ndimaidziwa kuti imayamba ndi mayi mmodzi wotsogolera inayamba ndi kiyibodi ndi mawu a amuna. Mutu womwewo, kwaya ina. Nyimbo za m'buku la tchalitchi zinajambulidwa ndi makwaya ambirimbiri, ndiye ISRC ikapanda kugwirizana, kufufuza kumatsamira pa mutu ndi dzina, n'kutola yofanana nayo. Kumvera nyimbo 197 imodziimodzi sindikanatha. Ndinatsegula CSV ija kumanzere, puleyilisiti yatsopano kumanja, n'kumayerekeza kutalika. Mu fayilomo nthawi imalembedwa m'mamilisekondi, choncho 252000 ndi mphindi 4 ndi masekondi 12. Yosiyana ndi sekondi imodzi kapena awiri ndinkaisiya. Yosiyana ndi masekondi 15 kapena kuposa ndinkaimvera, ndipo mwa njira imeneyi ndinagwira 6 zolakwika.

Ma alubamu ali ndi msampha wawo, ndipo apa ndinadzikola ndekha. Ndinkaganiza kuti ndikatumiza Liked Songs ma alubamu atsatira. Ayi ndithu, ali ndi kabokosi kawokawo koti uchonge. Nditawatumiza ndinawerenga 41 molingana ndi YourLibrary.json, kenako ndinayang'ana chiwerengero cha nyimbo mu alubamu iliyonse, chifukwa ina imakhala ndi mitundu iwiri, wakale ndi wowonjezeredwa nyimbo. Awiri anabwera a mtundu wowonjezera, ndinawasintha pamanja.

China chimene sichisamuka ndi tsiku limene unasunga nyimbo. Zonse zimaoneka ngati zalowa lero, ndiye amene mumakonda kusanja poyambira zatsopano, masiku akalewo muwapeza mu CSV.

Nditakhutira, ndinapita pa Manage apps mu akaunti ya Spotify n'kuchotsa chilolezo cha TuneMyMusic ndi Exportify. Kenako ndinaletsa Premium koma akauntiyo sindinaifute, poti ukasiya kulipira imangobwerera ku yaulere, mapuleyilisiti ali momwemo. Nyimbo zisanu zija ndimakazimvera kumeneko, malonda akumadukiza pakati.