Tsiku limene ndinayeretsa seva mpaka mbee

Disiki ya seva ya ku ofesi kwathu inadzaza Lachisanu masana, anthu mitima ili kale kunyumba. Lamulo la `df -h`, loonetsa mmene disiki yadzazira, linkaonetsa 98 peresenti. Abwana anaima kumbuyo kwa mpando wanga manja ali m'thumba, ndipo ine ndinaona kuti mwayi wodzionetsera wafika.

"Musadandaule bwana, izi ndi zazing'ono," ndinatero.

Ndinalowa m'foda imene aliyense amasungamo ntchito zake, n'kuyamba kusaka mafayilo akuluakulu amene akhalitsa osasinthidwa:

```
find . -type f -size +100M -mtime +30
```

Kadontho kakutanthauza kuti yambira pomwe ndili pano, utsike m'mafoda onse a m'kati. `-type f` ikuti mafayilo enieni okha, mafoda asiye. `-size +100M` ndi oposa mamegabaiti 100. Koma `-mtime +30` ili ndi kakhalidwe kake: find amawerenga masiku athunthu a maola 24 n'kutaya zotsalira, choncho fayilo ya masiku 30 ndi theka saiona ngati yapitirira 30. Imayenera kukwanitsa masiku 31. Zonsezi ndinawafotokozera abwana ngakhale sanafunse, iwo akungogwedeza mutu ngati akumva.

Mndandanda unatuluka waufupi bwino: mavidiyo akale a misonkhano ndi mafayilo a `.iso` amene wina anakopera n'kuiwala. Abwana anayang'ana, nati zonsezo zichoke. Chotsala chinali kuwonjezera mawu amodzi okha, `-delete`. Ndinabweza lamulo lija ndi batani loloza m'mwamba, ndipo poti m'maganizo mwanga chofunika kwambiri chimayenera kukhala patsogolo, ndinalemba motere:

```
find . -delete -type f -size +100M -mtime +30
```

Ndinadina Enter monyadira. Sikirini inangoti zii kwa kanthawi, kenako n'kubwerera ngati palibe chachitika. Nditayang'ananso `df -h`, disiki inali pa 11 peresenti.

"Iiih, achimwene, ndinu katswiri!" anatero abwana, n'kundisisita paphewa. Ine ndinayankha modzichepetsa kuti ndi kuzolowera chabe. Pansi pa mtima kanthu kankandinong'oneza kuti timavidiyo tija sitingadzaze disiki yonse, koma munthu akamakutama suyamba kuwerengera masamu.

Foni inalira. Anali mayi a ku akaunti.

"Bambo, foda yanga ya malipiro yapita kuti?"

Ndisanayankhe, pakhomo panaima anthu ena awiri, wina atanyamula laputopu yotsegula. Ndinalemba `ls` kuti ndione zimene zili m'fodamo. Palibe chinatuluka. Ndinalembanso, mwina poganiza kuti kompyuta sinamve bwino. Thukuta linayamba kutsika ngakhale fani inali ikuzungulira.

Nkhani yake ndi iyi: find satenga mawu ajawa ngati zosankha zoti ungaziike paliponse. Pa chinthu chilichonse chimene wakumana nacho, amawerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo akapeza kuti sichikukwanira pa muyeso wina amasiyira pomwepo. `-delete` ikakhala kumapeto, imafikiridwa ndi mafayilo okhawo amene adutsa miyeso yonse. Ine ndinaiika pakhomo penipeni. Ndiye find ankayamba wafufuta, kenako n'kumafunsa ngati malemuwo anali aakulu komanso akale. Kuwonjezera apo, `-delete` imachititsa find kuyamba ndi za m'kati mwa foda asanafike pa foda yeniyeniyo, choncho foda iliyonse inkatsala yopanda kanthu n'kuchotsedwanso. Chete uja nayenso ali ndi chifukwa: ukangoika `-delete`, find saonetsanso mayina pokhapokha utawonjezera `-print`. Ndipo pa mzere wa malamulo palibe bini yoti ukatolemo zimene wataya.

Chinandipulumutsa ndi disiki ina imene seva imakoperako zonse usiku uliwonse. Ntchito ya tsiku limenelo yokha ndiyo inapita, ndipo mayi a ku akaunti anaonetsetsa kuti ndamva bwinobwino kuti inali ntchito yochuluka bwanji. Anzanga akuweruka, ine ndinatsala ndikubweza mafayilo ndi `cp -r`, abwana atakhala pambali panga, ulendo uno osandisisita.

Zonse zitabwerera, disiki inadzazanso ngati poyamba, mavidiyo aja ali m'malo mwawo. Ndinalemba lamulo loyamba lija mosamala, lopanda `-delete`, kuti tionenso mndandanda. Silinatulutse kanthu ngakhale kamodzi. Ndinali nditakopera popanda `-p`, imene imasunga nthawi yakale ya fayilo, choncho kwa find fayilo iliyonse pa sevayo inali itabadwa madzulo omwewo.

Abwana anayang'ana sikirini, anandiyang'ana ine, n'kufunsa kuti mavidiyo akale aja tiwapeza liti.

"Pakatha masiku 31, bwana."