Chipolopolo chachinayi: zimene ndaphunzira pa lamulo la kudziteteza

Pa maphunziro a malamulo a milandu ya upandu, mutu wa kudziteteza ndi umene wandigwira mtima kwambiri. Apa woimbidwa mlandu sakana zimene anachita. Amavomera kuti anamenya, anabaya kapena anapha, koma amati lamulo linamulola kutero chifukwa moyo wake kapena wa mnzake unali pachiswe. Khoti likagwirizana naye, munthuyo amatuluka wopanda mlandu uliwonse, ngakhale kuti wina ali m'manda. N'chifukwa chake oweruza sangomvera mawu akuti "ndimadziteteza" n'kutseka nkhani.

M'mayiko amene amatsatira malamulo ochokera ku England, khoti limafunsa mafunso awiri. Loyamba: kodi munthuyu ankakhulupiriradi kuti pakufunika kugwiritsa ntchito mphamvu? Lachiwiri: kodi mphamvu imene anagwiritsa ntchitoyo inali yolingana ndi choopsa chimene iye ankachiona?

Funso loyamba limayang'ana mumtima mwa woimbidwa mlanduyo. Pa mlandu wa Gladstone Williams, mu 1983, Williams anaona bambo wina akulimbana ndi mnyamata mumsewu ndipo anamenya bamboyo poganiza kuti akupulumutsa mnyamatayo, chonsecho bamboyo anali atagwira mnyamatayo chifukwa anamuona akulanda mayi wina chikwama. Khoti la apilo linati munthu aziweruzidwa potengera mmene iye ankaonera zinthu moona mtima, ngakhale atakhala kuti anaona molakwika. Mu 1987, pa mlandu wa Beckford wochokera ku Jamaica, oweruza anawonjezera kuti munthu sayenera kudikira kuti amenyedwe kaye. Ngati choopsa chafika pafupi, akhoza kuyamba ndiye.

Funso lachiwiri ndi limene lili ndi mano, chifukwa silisiyidwa m'manja mwa woimbidwa mlandu. Iye amaloledwa kufotokoza choopsa mmene anachionera, koma amene amaweruza ngati mphamvuyo inali yoyenera ndi khoti, poganizira zimene munthu woganiza bwino akanachita pa malo omwewo. Wina akakukankha pachifuwa iwe n'kumubaya pakhosi, kunena kuti "kwa ine zinali zoyenera" sikungakupulumutse. Khoti limaona ngati wobwerayo anali ndi chida, analipo angati, kusiyana kwa mphamvu zawo, malo amene bala lili, ndiponso kuti anamenyedwa kangati. Bala la kumsana limanena zambiri, pakuti nthawi zambiri limasonyeza kuti munthuyo anali atatembenuka kuthawa. Kuthawa sikuti ndi lamulo kwa amene akuukiridwa, koma ngati njira yochokapo inalipo ndipo iye anasankha kumenya, zimenezo zimaikidwa pa sikelo.

Komabe lamulo limadziwa kuti munthu wogwidwa ndi mantha sayeza nkhonya yake ndi muyezo. Pa mlandu wa Palmer mu 1970, woweruza Morris anafotokoza kuti wodziteteza sangathe kuwerengera ndendende kuchuluka kwa mphamvu yofunika, ndipo ngati m'kanthawi kodzidzimutsako anangochita zimene moona mtima anaona kuti n'zofunika, umenewo ndi umboni wamphamvu wakuti sanapyole malire. Mfundo imeneyi ndimaikonda chifukwa imateteza anthu kwa oweruza amene angaiwale kuti iwo akuganizira nkhaniyo ali phee pampando, pomwe mwini wake anali ndi masekondi ochepa chabe.

Mlandu umene wandithandiza kumvetsa malirewa ndi wa Lee Clegg, msilikali wa Britain. Usiku wa pa 30 Sepitembala 1990, iye anali ndi anzake akulondera kumadzulo kwa mzinda wa Belfast. Galimoto yobedwa inathamangira komwe kunali asilikaliwo, ndipo iwo anayamba kuiwombera. Clegg anawombera kanayi. Woyendetsa, Martin Peake wa zaka 17, ndi mtsikana amene anakhala kumbuyo, Karen Reilly wa zaka 18, anafa.

Woweruza sanatenge kuwombera konseko ngati chinthu chimodzi. Anagawa zipolopolozo. Zitatu zoyamba Clegg anaziwombera galimoto ikubwera, ndipo ananena kuti ankaopa kuti igunda msilikali mnzake. Pa zimenezi khoti linapeza kuti boma silinathe kutsutsa mfundo ya kudziteteza, choncho panalibe mlandu. Koma umboni wa akatswiri pa nthawiyo unasonyeza kuti chachinayi chinawomberedwa galimoto itadutsa kale, ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 15, ndipo chinapezeka m'thupi la Karen Reilly. Galimoto imene yadutsa singagundenso mnzako amene yamusiya m'mbuyo. Choopsa chinali chitatha, ndipo ufulu wodziteteza unatha nacho pamodzi. Mfundo ina yakuti ankafuna kuimitsa woyendetsayo kuti amangidwe inakanidwanso, chifukwa kuwombera kofuna kupha kapena kuvulaza kwambiri pofuna kugwira wakuba galimoto ndi mphamvu yopyola muyezo kutalitali. Mu 1993 anamupeza wolakwa pa mlandu wopha munthu mwadala.

Taganizirani kufupika kwa nthawi pakati pa chipolopolo chachitatu ndi chachinayi. Munthu yemweyo, mfuti yomweyo, mantha omwewo, koma lamulo linaika mzere pakati pake. Apa ndi pamene ndinaona kuti kulingana kwa mphamvu si nkhani ya kukula kwa chida kokha, komanso ya nthawi. Nkhonya imene imagwetsa wokuukira ikhoza kukhala yololedwa, koma kumupondaponda ali gone pansi ndi kubwezera.

Nkhaniyo itafika ku khoti la House of Lords, lomwe pa nthawiyo linali khoti lalikulu koposa ku United Kingdom, mu 1995, funso linali lakuti: ngati munthu anali ndi chifukwa chogwiritsira ntchito mphamvu koma anapyola malire n'kupha, kodi mlandu wake sungatsitsidwe kukhala wopha munthu mosafuna? Oweruza anati ayi. Kudziteteza kumapambana kwathunthu kapena kumagwa kwathunthu, ndipo kusintha zimenezo ndi ntchito ya nyumba ya malamulo. Kwa Clegg zimenezi zinatanthauza chilango chokhala m'ndende moyo wonse, chomwe ku United Kingdom woweruza sangachichepetse pa mlandu wopha mwadala. Pambuyo pake panabwera umboni watsopano wokhudza chipolopolo chija, chigamulocho chinathetsedwa mu 1998, ndipo mlanduwo utazengedwanso mu 1999 anamupeza wosalakwa pa kupha. Koma mfundo ya lamulo ya mu 1995 sinasinthe ndi zimenezo.

Apa ine mtima wanga sukhazikika. Munthu amene anayamba moona mtima kuteteza moyo n'kupitirira pang'ono chifukwa cha mantha, ndimaona kuti sakuyenera dzina limodzi ndi amene anakonzekera kupha. Khoti lalikulu la ku Australia linayesapo njira ya pakati pa mlandu wa Howe mu 1958, koma linaisiya mu 1987 pa mlandu wa Zecevic, makamaka chifukwa inali yovuta kuifotokozera anthu wamba othandiza kuweruza. Ndikumvetsa vutolo, komabe kuvuta kwa kufotokoza sikundikhutiritsa ngati chifukwa chokwanira pamene moyo wonse wa munthu uli pa sikelo.

Chimene chimachepetsako kuuma kwa lamuloli ndi nkhani ya amene ali ndi udindo wopereka umboni. Woimbidwa mlandu amangofunika kubweretsa umboni wokwanira kudzutsa nkhani ya kudziteteza, ngakhale wochokera kwa mboni za boma zomwe. Zikatero, ndi woimira boma amene ayenera kutsimikizira khoti, popanda kukayika komveka, kuti munthuyo sankakhulupirira kuti pali choopsa, kapena kuti mphamvu yake inapyola muyezo. Akalephera pa zonse ziwiri, woimbidwa mlanduyo amamasulidwa.