Pasipoti yanu musaitumize yonse kokamasuliritsa

Anthu ambiri akafuna kumasuliritsa pasipoti amangojambula tsamba lonse n'kuliponya pa webusaiti yaulere. Koma taonani zimene zili patsambalo: dzina, nkhope, tsiku lobadwa, nambala ya pasipoti. Pansi pake pali mizere iwiri ya zilembo 44 uliwonse, yodzadza ndi tizizindikiro ta <<<. Mizere imeneyi imabwereza dzina, nambala ndi tsiku lobadwa. Ndiye munthu amaphimba nambala pamwamba n'kumati watetezeka, chonsecho pansipo zonse zili poyera. Wakuba akapeza chithunzi chotere atha kuyesa kutsegula akaunti kapena kutenga ngongole m'dzina lanu.

Kuphimbako nakonso kuli ndi pake. Cholembera cha pafoni chija chopaka utoto woonekera mkati n'chosadalirika, munthu akangowonjezera kuwala zilembo zimatulukira. Ikani kapepala pamalopo musanajambule, basi. Komanso chithunzi chimatha kunyamula malo amene munajambulira ngati GPS inali yoyatsa.

Ine ndimati, ngati mukungofuna kumva tanthauzo, lembani pamanja mawu okhawo amene akukuvutani. Kalata ya kuchipatala ndi chimodzimodzi: dzina la matenda lingamasuliridwe popanda dzina la wodwala. Chikalata chikamafunika chathunthu ku ofesi, pitani kwa womasulira wovomerezeka, ndipo mumufunse kuti chithunzicho adzachisunga kuti ndiponso adzachifufuta liti. Kufufuta pafoni yanu sikuchotsa chimene chafika kale pa seva, kompyuta yosungira zinthu ya eni webusaiti ija.