Mmene ndinapangira chithunzi cha mayi anga mumitundu ya pop ati

Mwina munaonapo zithunzi za Andy Warhol zija, nkhope ya Marilyn Monroe yobwerezedwa ka 50 mu 1962. Warhol ankadinda ndi sefa ya nsalu ndi inki, ine ndinachita pa laputopu ndi GIMP, pulogalamu yaulere ija yokonzera zithunzi.

Chithunzi ndinawajambula pakhonde kwathu ku Ndirande cha m'ma 4 koloko, kuwala kukuchokera mbali imodzi. Dzuwa la masana ayi ndithu, limasiya mithunzi yakuda m'maso ndiye nkhope imatuluka ngati chigaza. Ndinadula kukhala sikweya ya mapikiseli 1500 mbali zonse, mutu ndi mapewa basi, nkufufuta zakumbuyo.

Kenako Colors > Desaturate kuchotsa mitundu. Osadumpha apa, chifukwa Posterize, chida chogawa chithunzi m'zigawo zochepa za mitundu, imadula fiira, biriwira ndi buluu payekhapayekha, ndiye ukaika 3 pachithunzi chamitundu utha kupeza mitundu mpaka 27, chisokonezo chenicheni.

Pomwe pali ntchito yeniyeni ndi apa. Khungu lathu lakudali limakhala kumunsi kwa sikelo ya kuwala, ndiye ukangoponya Posterize nkhope yonse imagwera mugawo limodzi, mphuno ndi masaya kusowa, kungotsala mano ndi maso. Ndiye ndinayamba ndi Colors > Levels, kachizindikiro kapakati kaja kukakokera kumanzere mpaka nambala ifike 1.5, ndikuyang'ana kuti chipumi chiwale koma pansi pa chibwano pakhalebe mdima. Nditatero ndinaika Gaussian Blur ya 4, yochititsa chithunzi kachimbuuzi pang'ono, ena amaiona ngati yoononga chithunzi koma ndi imene imapangitsa kuti m'mphepete mwa zigawo mukhale mosalala, popanda iyo tsaya limadzadza timadontho.

Tsopano Colors > Posterize, ndinaika 4: kuda, phulusa loderako, phulusa lowala, ndi kuyera. Kwa ine 4 ndiye yabwino, 3 imadya nkhope, 6 imabwereranso kuoneka ngati chithunzi wamba. Ukaona kuti munthu sakudziwika bwerera ku Levels, usaonjezere nambala.

Kupaka nkosavuta. Select by Color, kudina gawo limodzi, nkudzaza ndi mtundu umodzi. Ndinapanga makope anayi, mitundu yosiyana, koma lamulo limodzi ndinasunga paliponse: gawo lakuda lilandire mtundu wodera, lowala lilandire wowala. Loyamba ndinaika buluu wodera pa mithunzi, fiira, olenji, nkumaliza ndi chikasu pachipumi. Ukatembenuza dongosololi mayi amaoneka ngati negetivi ya filimu. Duku lawo ndinalisankha pamanja nkulipatsa mtundu wakewake, ndilo limakoka maso.

Onse anayi ndinawayala pa kanivasi ya 3000 kwa 3000, awiri pamwamba awiri pansi. Pa 300 dpi, kutanthauza madontho 300 pa inchi, zimatuluka masentimita 25.4, zikukwana bwinobwino pa A3. Ndinakapulintitsa ku Limbe, koma poyamba ndinapempha kakang'ono koyesera chifukwa pinki ndi biriwira zowala pa sikirini zimazilala papepala, inki siifika pamenepo. Biriwira uja ndinamusintha ndi chikasu tisanatulutse chachikulu.