Mphaka amene ndinamuchapa osadziwa

Ntchito yanga ndi yochapa masofa ndi makapeti m'nyumba za anthu. Mphaka sindinachapepo chibadwire, koma kwa sabata yathunthu ndinatchuka ngati katswiri wa zimenezo.

Nkhani inayamba ndi sofa yotuwa ya bambo wina, yokhalapo anthu atatu. Inali ndi litsiro lakuda potsamira mitu, chibanga chachikulu pampando wapakati, ndi inki ya bolopeni pamkono wakumanzere. Ndinapita madzulo kukaiona, ndipo ndinaijambula pomwepo, makatani ali otseka, babu lachikasu likuyaka. Mawa lake nditamaliza kuchapa cha m'ma 11 koloko, ndinatsegula makatani onse, dzuwa lili ngwee, n'kujambulanso nsalu ikadali yachinyezi. Inki ija inakana kuchoka yonse, ndiye ndinaikapo kapilo. Kenako pafoni ndinawonjezera kuwala pang'ono. Pang'ono pake pa munthu wofuna makasitomala, mukupadziwa.

Ndinaika zithunzi ziwirizo pa Instagram motsatizana, zoti munthu azikankha ndi chala: choyamba chauve, chachiwiri choyera mbee. Ine mtima m'malo.

Foni yoyamba inali ya mayi wina wa mawu aulemu kwambiri.

"Bambo, ndaona ntchito yanu. Kodi mphaka mumatenga masiku angati?"

Ndinaganiza kuti alakwitsa nambala. Iwo anati ayi, ndikaonenso zithunzi zanga. Nditakuza chithunzi, thukuta linayamba. Pakona pa sofa panali mphaka wa eni nyumba, ali gone m'zithunzi zonse ziwiri. M'choyamba anali wofiirira ngati wagona m'fumbi chaka chonse. M'chachiwiri anali woyera ngati thonje. Khoma nalo linali litasintha mtundu, moti munthu wina anafunsa ngati penti imalowa pamtengo womwewo.

Mphakayo ndi wotuwa basi. Kamera ya foni imadzisankhira yokha kuwala ndi mtundu malinga ndi chimene chikuwunikira m'chipinda. Babu lachikasu limadetsa chilichonse chotuwa, dzuwa la pawindo limachiyeretsa, ndipo ine ndinathiranso zanga pamwamba. Chinthu chimene sunachikhudze chikasintha pakati pa zithunzi ziwiri, kaya khoma, kaya pansi, kaya mphaka, ndiye kuti theka la zotsatira zakozo ndi kuwala chabe.

Tsiku lachiwiri anaimba mwini sofa. "Achimwene, sofa ya pachithunzi chanu ili kuti? Ndikufuna tisinthane ndi yangayi." Chibanga chapakati chinali chitabwerera. Litsiro limene linalowa mpaka m'siponji limakwera limodzi ndi madzi nsalu ikamauma, ngati mafuta pachingwe cha nyali, n'kudzaonekeranso pamwamba. Nsalu yonyowa imadanso mofanana paliponse, choncho imabisa malire a banga. Ine zonsezi ndimazidziwa, ndimauza ngakhale makasitomala. Koma tsiku limenelo chala chinathamanga kuposa mutu.

Ndinachotsa zithunzizo, n'kubwerera kukachapanso mpando wapakati, ulendo uno ndi madzi ochepa, kupopa kwambiri, ndi kusiya fani ikuwomba. Bamboyo anandilola kujambulanso, koma atakhala pampando pafupi, manja atapinda, ngati woyang'anira mayeso.

Pa sofa yotsatira ndinachita zimene ndinayenera kuchita poyamba. Ndinamata tepi pansi pamene ndaima, foni ndinaitsamiritsa pamsana pa mpando kuti utali usasinthe, ndipo zithunzi zonse ndinajambula 10 koloko m'mawa, makatani otsegula, babu lozimitsa. Ndinadina sikirini osachotsa chala pamalo amodzimodzi a khoma mpaka panatuluka AE/AF LOCK, kuti kamera isamasinthe maganizo. Cha pambuyo ndinachijambula patapita maola 48, nsalu itauma gwa. Mapilo onse ndinawaponya pansi.

Zithunzi zinakhala zinayi: sofa yonse isanachapidwe, sofa yonse itauma, ndiye banga loipitsitsa chapafupi, kale ndi tsopano. Pachithunzi chilichonse ndinalembapo kuti ndi chiti, chifukwa munthu akatumizira mnzake chimodzi chokha chopanda mawu, litsiro la kale lija limaoneka ngati ndiye ntchito yako. Pachomaliza ndinalemba kuti ndinachapa kawiri, komanso kuti banga lazilala koma silinatheretu. Kulemba mawu amenewo kunandiwawa kuposa msana wa tsiku lonse.

Mayi aja anaimbanso Loweruka. Anati zithunzi zatsopanozo aziona, n'zabwino ndithu, ndipo sofa yawo ndikhoza kudzaichapa Lachiwiri. Ndisanathokoze n'komwe, anatsitsa mawu.

"Koma bambo, mukamabwera musaiwale mankhwala aja. Wathuyu ndi wakuda, koma ndi wofatsa."