Khungu la munthu, osati la chidole: zimene ndaphunzira polemba mapulomputi a malonda a zodzoladzola

M'maphunziro anga opanga zithunzi ndi makina a AI, gawo la zithunzi zotsatsa zodzoladzola ndi limene landichedwetsa kwambiri. Botolo la mafuta makina amalijambula bwino, tsitsi ndi nsalu nazonso alibe nazo vuto. Pankhope m'pamene pamavuta. Ukalemba pulomputi, mawu ouza makina choti ajambule, n'kupempha nkhope yokongola ya malonda a faundeshoni, chimene chimatuluka chimakhala ngati zidole zija amaveka zovala m'masitolo: khungu lili see paliponse, kunyezimira kwake n'kumodzimodzi kuyambira pachipumi mpaka pachibwano, ndipo munthu amangoona kamodzi n'kudziwa kuti uyu sanapumepo mpweya.

Chifukwa choyamba n'chosavuta kumva. Makinawa anaphunzira pa zithunzi zochuluka za pa intaneti, ndipo zithunzi zimene zimalembedwa kuti `flawless skin`, `perfect face` kapena `glamour` zambiri ndi zosalazidwa kale pakompyuta. Ndiye ukalemba mawu amenewo, ukupempha kusalaza komweko. Mawu ngati `8k` ndi `hyperrealistic` nawonso sathandiza kwenikweni, chifukwa amapezeka kawirikawiri pa zithunzi zopanga pakompyuta, osati zojambula ndi kamera. Zimenezi ukangozichotsa, chithunzi chimasinthako. Koma sichichira chonse ayi, ndipo chimene chatsalacho chili pa kuwala.

Apa m'pamene ndinakhalitsa. Kuwala kukagwa pakhungu kumachita zinthu ziwiri. Kwina, kochepa, kumanjanja pamwamba pomwepo, pa mafuta ndi thukuta, ndipo kumabwerera ndi mtundu wa nyali imene kwachokera. Uku ndiye kunyezimira. Kwina kumalowa m'kati, n'kumwazikana, n'kutuluka kutatenga mtundu wa khungulo ndi wa magazi ali pansi pake. Pakhungu lenileni, kunyezimira kuja sikukhala chigamba chimodzi chosalala, chifukwa kumagwera pa timabowo, timizere ndi ticheya, choncho kumaduka tizidutswatizidutswa. Pulasitiki ilibe zonsezi, n'chifukwa chake kunyezimira kwake kumakhala kosalala, m'mbali mwake muli mwakuthwa. Mukafuna kudziwa msanga ngati nkhope yapulasitiki, musayambe ndi tsaya lonse, yang'anani pamene pakunyezimira.

Tsono vuto ndi lakuti kuwala kofewa kumene timakufuna pa malonda a zodzoladzola n'komwenso kumabisa timabowo. Kabowo kapakhungu timakaona chifukwa ka kamthunzi kamene kali m'kati mwake. Nyali ikakhala yaikulu, ili pafupi, ndiponso ili kutsogolo ndendende, kuwala kumalowa m'kabowo kalikonse ndipo mthunziwo umatha. Ojambula amachita dala zimenezi. Njira yotchuka ndi ija amaika nyali pamwamba pa kamera ndi chobwezera kuwala pansi pa chibwano, imene mu pulomputi timailemba `clamshell lighting`. Kwa munthu weniweni imagwira bwino chifukwa khungu lake limakhala ndi zambiri zoti zitsale. Kwa makina amene amasalaza kale, ukawonjezerapo `soft beauty lighting` wawapatsa chilolezo chofufuta zonse.

Chimene ndapeza kuti chimathandiza ndi kusunga kufewa koma n'kuuza makina kumene kuwala kukuchokera. Nyali yaikulu yomweyo ikasunthidwa cha m'mbali, pafupifupi madigiri 45, ndi kukwezedwa pang'ono, mithunzi ya pankhope imakhalabe yofewa koma kuwala kumadutsa chopendeka patsaya, ndipo timabowo timaoneka. Chobwezera kuwala chikhalepo, koma chofooka, kuti mbali inayo isade bii komanso isafanane ndi mbali ya nyali. Palinso nyali ija yonga mbale, `beauty dish`, yomwe nthawi zambiri imakhala ya masentimita pafupifupi 55. Kuwala kwake kuli pakati, sikofewa ngati kwa sofutibokosi yaikulu, nyali ya m'bokosi lansalu lofewetsa kuwala, komanso sikolimba ngati kwa nyali yosavala kanthu, ndipo dzina lake likalowa mu pulomputi khungu limatuluka lokhwimirako.

Ntchito imene ndinayeserapo inali yotsatsa faundeshoni kwa mayi wakhungu lakuda. Pulomputi ya mtundu umene ambiri amayamba nawo ndi iyi:

```
beautiful African woman, flawless glowing skin,
soft beauty lighting, cosmetics ad, 8k
```

Zimene imatulutsa zimadziwika. Nkhope yonse imanyezimira ngati yathiridwa mafuta, mtundu ndi umodzi paliponse, ndipo nthawi zambiri khungu limayererako kuposa mmene umafunira, mwina mpaka kuoneka lotuwa m'masaya. Kuyeretsa kumeneku kumandinyansa kuposa kusalaza, chifukwa kwathu kuno malonda a mafuta oyeretsa khungu atipweteka kale mokwanira, ndipo faundeshoni ya munthu wakuda ikaonetsedwa pankhope yoyeretsedwa ndiye kuti wogula wanamizidwa. Nditailembanso inakhala chonchi:

```
close-up photograph, woman in her 30s, deep brown skin
with warm red undertone, satin-finish foundation, thin layer,
fine pores on nose and inner cheeks, faint lines under eyes,
soft sheen on cheekbone and nose bridge, matte forehead,
large softbox 45 degrees camera left, weak white reflector,
100mm macro lens, f/8
```

Mzere uliwonse uli ndi ntchito yake. Kutchula zaka kumachotsa nkhope ija yopanda msinkhu. Kutchula mtundu wa khungu ndi kufiirira kwa pansi pake kumaletsa kuyeretsa ndi kutuwa, ndipo kumagwira bwino kuposa kungotchula kontinenti, poti anthu a mu Afilika ali ndi makungu osiyanasiyana. Timabowo ndatipatsa malo, pamphuno ndi m'masaya moyandikana ndi mphuno, chifukwa m'momwe timaonekera kwambiri pa munthu. Ukangolemba `visible pores` osanena pati, kapena ukabwereza mawuwo katatu, makina amamwaza timadontho tofanana pankhope yonse mpaka pazikope, ndipo khungu limaoneka lokhakhala. Ukalemba `imperfections` amabweretsa ziphuphu ndi zipsera zimene mwini malonda sangazilole.

Mzere wa kunyezimira ndi umene ndimausamala kwambiri, makamaka pakhungu lakuda. Khungu lakuda limameza kuwala kochuluka kumene kwalowa m'kati, koma kunyezimira kwa pamwamba kumakhala chimodzimodzi ndi kwa wina aliyense, choncho kumaonekera kwambiri ndipo ndi kumene kumaumba nkhope. Ukakuchotsa konse polemba `matte skin`, nkhope imaphwatalala n'kuoneka ya fumbi. Ukakusiya kosalamulidwa polemba `glowing` kapena `dewy`, kumadzaza paliponse. Wopaka mekapu sachita choncho: amathira paudala pachipumi, m'mbali mwa mphuno ndi pachibwano, n'kusiya fupa la tsaya kuti liwale. Pulomputi iyenera kutsata dzanja lakelo, inene pati pawale, pati pasawale.

Mekapu nayo ndi bwino kuifotokoza monga chinthu chopakidwa, chokhala ndi makulidwe ndi malire. Lipisitiki yeniyeni imalowa m'timizere ta milomo ndipo imachepa cha m'kati mwa mlomo. Masikara amamata nsidze ziwiri zitatu pamodzi. Ukalemba `lip lines visible under lipstick` kapena `slightly clumped mascara`, woona amakhulupirira kuti pansi pa zopakazo pali munthu, ngakhale sangathe kunena chimene chamukhulupiritsa.

Za lenzi ndingonena pang'ono. Anthu amakonda kulemba `f/1.4`, kutanthauza lenzi yotsegula kwambiri, kuti kumbuyo kuzimiririke, koma makina amatengera chizimezimecho m'masaya ndi m'makutu, n'kukhala kusalaza kwina. Ojambula malonda a zodzoladzola nthawi zambiri amatsekako lenzi, cha pa `f/8` kapena kuposa, kuti nkhope yonse ioneke bwino.

Mawu okha sathetsa zonse. Ku Midjourney, imodzi mwa mapulogalamu opanga zithunziwa, `--style raw` imachepetsa kukongoletsa kumene makina amawonjezera okha, ndipo `--stylize`, yomwe imayambira pa 100 ukapanda kuisintha, ukaitsitsa amamvera kwambiri zimene walemba. Ku Stable Diffusion, pulogalamu inanso yotere, `CFG scale`, nambala youza makina mmene atsatirire mawu ako, ikakwera kwambiri mitundu imapsa ndipo khungu limaoneka la phula, ndiye ndi bwino kuitsitsa pang'onopang'ono uku ukuona. Zida zokonza nkhope monga GFPGAN ndi CodeFormer zimathandiza pa nkhope zazing'ono zowonongeka, koma pa chithunzi chapafupi zimafufuta timabowo tomwe wavutikira. Zikhale zozimitsa. Palinso malire a kukula kwa chithunzi. Ngati nkhope ya masentimita 20 yatenga mapikiselo, timadontho topanga chithunzi, 300 okha, pikiselo imodzi ikuimira pafupifupi mamilimita 0.7, pamene timabowo tambiri sitifika ngakhale theka la milimita. Pamenepo ungalembe bwanji, kabowo kalibe pokhala. Yandikitsa nkhope kapena kulitsa chithunzi.

Chithunzi chikatuluka ndimachikulitsa mpaka 100% n'kuyenda nacho malo ndi malo. Chipumi, mphuno ndi pansi pa diso ziyenera kusiyana, poti khungu la pansi pa diso ndi lopyapyala, lili ndi timizere osati timabowo. Kenako khosi ndi khutu: makina amakonda kusamala nkhope n'kuiwala khosi, moti umapeza tsaya lamoyo pamwamba pa khosi losalala. Ndimaonanso kadontho kowala ka m'diso. Ngati ndinapempha nyali kumanzere, kadonthoko kakhale kumanzere m'maso onse awiri ndipo mthunzi wa mphuno ugwere kumanja. Zikatsutsana, nkhope imaoneka yomata ngakhale khungu lili bwino.

Pali funso lina limene pulomputi singaliyankhe. Mu 2011 bungwe loona za malonda ku Britain, Advertising Standards Authority, linaletsa zithunzi ziwiri zotsatsa faundeshoni, cha Lancôme chokhala ndi Julia Roberts ndi cha Maybelline chokhala ndi Christy Turlington, chifukwa kampani sinathe kutsimikizira kuti khungu looneka pazithunzizo ndi limene zodzolazo zingaperekedi. Amenewo anali anthu enieni, osalazidwa chabe. Nkhope yopangidwa ndi makina sinapakepo faundeshoni ya wina aliyense, ndipo ikamaoneka yeniyeni kwambiri m'pamenenso wogula angakhulupirire kuti akuona zotsatira zake. Mtundu wake nawonso sungadaliridwe, chifukwa palibe mawu amene angatulutse ndendende nambala ya faundeshoni ili m'botolo. N'chifukwa chake ine zithunzi zoterezi ndimaziona zoyenera poonetsa mwini malonda maganizo a kuwala ndi mekapu asanalipire wojambula, kapena pa chikwangwani chimene sichikulonjeza kanthu za khungu. Chithunzi chonena kuti mafuta awa amabisa zipsera, kapena kuti mtundu uwu ndi wa khungu ili, chijambulidwe ndi kamera pankhope imene yapakadi mafutawo.